Samu yaitali ya aljebura: kugwira cholakwa pa mzere umene chalowera

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 amaidziwa bwino samu ya mafulakishoni okhala ndi x m'munsi mwake. Kunena zoona si samu yovuta kwenikweni. Chimene chimagwetsa anthu n'kutalika kwake. Imatenga mizere isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, ndipo mzere uliwonse umachokera pa unzake wapamwamba. Kachizindikiro kamodzi kakasokonekera pa mzere wachinayi, mizere yonse yotsatira ikhoza kulembedwa mwaluso, koma imakhala ikuyankha funso lina limene palibe analifunsa.

Aphunzitsi amati, "Mukamaliza muzionanso ntchito yanu." Mwana amamvera, n'kuyendetsa maso kuchokera pamwamba mpaka pansi, osapeza kanthu. Sangapeze kanthu, chifukwa mutu umene unalakwitsa ndi womwewo ukuwerenga, ndipo umadutsa momwe unadutsa poyamba. Kuonanso kothandiza n'kumene kumayesa mzere ndi nambala yeniyeni. Nambala siikondera, ndipo siidziwa zimene wolembayo amaganiza kuti walemba.

Tiyeni titenge samu imodzi, tiyende nayo mpaka kumapeto. Funso likuti tipeze x:

(1) (x + 3)/(x − 2) − (x − 1)/(x + 1) = 2

Tisanachite china chilichonse, pali ntchito ziwiri zing'onozing'ono. Yoyamba n'kuika chala pa pepala la mafunso ndi kufananitsa zimene takopera ndi zimene zasindikizidwa, chizindikiro ndi chizindikiro. Njira zonse zoyesera zimene tikambe m'munsimu sizingagwire funso lokopedwa molakwika. Ngati mwalemba x + 2 pamene pepala likuti x − 2, mudzayesa mizere yonse, yonse idzagwirizana, koma yankho lidzakhala la samu yanuyanu. Ntchito yachiwiri n'kulemba pambali kuti x sangakhale 2 ndiponso sangakhale −1. Nambala ziwirizi zimasandutsa m'munsi mwa fulakishoni kukhala ziro, ndipo m'masamu kugawa ndi ziro kulibe tanthauzo. Tizifuna kutsogoloku.

Tsopano jambulani kamzere kotsika kumanja kwa tsamba, musiye kampata ngati ka zala zitatu. M'kampatamo ndimo muziyesera. Sankhani nambala imodzi yoti iimire x pa mzere uliwonse. Ife titenga 4. Nambalayi si yankho ayi, ndipo sitikuyembekezera kuti mbali ziwiri za samuyi zifanane tikaiikamo. Tikungofuna kudziwa kuti mbali ya kumanzere ikulemera bwanji, ya kumanja bwanji, kuti tizitsatira kulemerako pamene tikutsika.

Pa mzere woyamba, x akakhala 4, fulakishoni yoyamba ndi 7/2, kutanthauza 3.5. Yachiwiri ndi 3/5, kutanthauza 0.6. Tikachotsera tipeza 2.9. Ndiye m'kampata tilemba kuti kumanzere 2.9, kumanja 2.

Kuti mafulakishoni achoke, timachulukitsa chilichonse ndi (x − 2)(x + 1). Pa fulakishoni yoyamba x − 2 amafafanizika, patsala x + 1 wochulukitsa zapamwamba. Pa yachiwiri x + 1 ndiye amafafanizika.

(2) (x + 3)(x + 1) − (x − 1)(x − 2) = 2(x − 2)(x + 1)

Pamene x ali 4, chimene tachulukitsa nacho ndi 2 kuchulukitsa ndi 5, yomwe ndi 10. Choncho tisanawerengere n'komwe, tikudziwa kale zimene mzere wachiwiri uyenera kutipatsa: 2.9 asanduke 29, ndipo 2 asanduke 20. Tiyese. Kumanzere, 7 kuchulukitsa ndi 5 ndi 35, ndipo 3 kuchulukitsa ndi 2 ndi 6. Tikachotsera, 29. Kumanja, 2 kuchulukitsa ndi 2 kenako ndi 5, tipeza 20. Mzerewu uli bwino.

Cholakwa chofala pamenepa n'kuiwala 2 wa kumanjayo. Maso amakhala pa mafulakishoni chifukwa ndiwo akuopsa, ndipo 2 amangokopedwa momwe alili. Wochita zimenezi akayang'ana m'kampata apeza 2 pamene pamafunika 20, ndipo akonza asanapite patali.

Chotsatira n'kuchulukitsa zimene zili m'mabulaketi awiriawiri. Apa ndikulangizani chinthu chimene ophunzira ambiri amachiona ngati kutaya nthawi: zotsatira zake muzisiye kaye m'mabulaketi.

(3) (x² + 4x + 3) − (x² − 3x + 2) = 2(x² − x − 2)

Tiyese ndi 4. Bulaketi yoyamba ndi 16 kuphatikiza 16 kuphatikiza 3, yomwe ndi 35. Yachiwiri ndi 16 kuchotsa 12 kuphatikiza 2, yomwe ndi 6. Taonani kuti 35 ndi 6 ndi nambala zomwe zija tinapeza pa mzere wachiwiri. Ziyenera kutero, popeza sitinawonjezere kapena kuchotsa kanthu, tangosintha kalembedwe. Kumanja, 16 kuchotsa 4 kuchotsa 2 ndi 10, tikachulukitsa ndi 2 ndi 20. Tikadali pa 29 ndi 20.

Tafika pamene pamagwera anthu ambiri. Kutsogolo kwa bulaketi yachiwiri kuli mayinasi, ndipo mayinasiyo si wa x² yekha. Akuchotsa bulaketi yonse, zinthu zitatu zonse zili m'katimo. Ndiye x² asanduka −x², −3x asanduka +3x, ndipo +2 asanduka −2.

(4) x² + 4x + 3 − x² + 3x − 2 = 2x² − 2x − 4

Kuwerengera kwake: 16 kuphatikiza 16 ndi 32, kuphatikiza 3 ndi 35, kuchotsa 16 ndi 19, kuphatikiza 12 ndi 31, kuchotsa 2 ndi 29. Kumanja, 32 kuchotsa 8 kuchotsa 4 ndi 20. Zikuyenda.

Tiime kaye apa, tione zimene zimachitikira amene walumpha mzere wachitatu chifukwa cha changu. Iye amachulukitsa mabulaketi m'mutu n'kulemba nthawi yomweyo, ndipo mayinasi amangogwera pa chinthu choyamba chokha:

x² + 4x + 3 − x² − 3x + 2 = 2x² − 2x − 4

Mzerewu ndi uja wolondola amasiyana pa tizizindikiro tiwiri tokha. Akaphatikiza zofanana, kumanzere kumatsala x + 5. Akasonkhanitsa zonse mbali imodzi amapeza 2x² − 3x − 9 = 0. Tsoka lake n'lakuti zimenezi zimafakitoraizika bwinobwino, kukhala (2x + 3)(x − 3) = 0, ndipo mayankho amatuluka oyera: x ndi 3 kapena −3/2. Mwanayo amapumira m'mwamba, n'kudula mizere iwiri kunsi kwa yankho lake.

Ana asukulu ambiri ali ndi chikhulupiriro chakuti samu ikafakitoraizika ndiye kuti ayikhoza, ndipo ikakana ndiye kuti alakwitsa penapake. Theka lachiwirilo lili ndi kanzeru pang'ono, chifukwa olemba mafunso amakonda nambala zogwirika, ngakhale kuti ena amafuna dala kuti mugwiritse ntchito fomyula. Koma theka loyambalo ndi bodza lenileni, ndipo samu yathuyi ndi mboni. Njira yolakwika yatulutsa yankho looneka bwino kuposa lolondola.

Akanakhala ndi kampata kaja, akanagwidwa pa mzere womwewo. Ndi x ali 4, mzere wake ukupereka 16 kuphatikiza 16 kuphatikiza 3, kuchotsa 16, kuchotsa 12, kuphatikiza 2, zomwe ndi 9. Mzere wapamwamba unali ndi 29. Makumi awiri asowa pa sitepe imodzi. Mmisiri womanga nyumba amaika levulo pa mzere uliwonse wa njerwa, sadikira kuti afike pa denga ndiye aone ngati khoma lapendekeka, chifukwa pofika apo kukonza kwake n'kugumula.

Tibwerere ku njira yolondola. Kumanzere x² ndi −x² zithana, 4x ndi 3x zipanga 7x, ndipo 3 kuchotsa 2 ndi 1.

(5) 7x + 1 = 2x² − 2x − 4

Kumanzere 28 kuphatikiza 1 ndi 29, kumanja sikunasinthe. Sitepe yotsatira n'kusonkhanitsa zonse mbali imodzi. M'kalasi timangoti "chikaoloka chimasintha chizindikiro", koma zimene zikuchitika n'zakuti tikuchotsa 7x ndi 1 mbali zonse ziwiri. Kunena kwachiduleko n'kumene kumachititsa ena kusintha chizindikiro cha zinthu zomwe sizinaoloke n'komwe.

(6) 2x² − 9x − 5 = 0

Apa kayesedwe kasintha pang'ono. Popeza tachotsa mbali ya kumanzere ku mbali ya kumanja, nambala yathu iyenera kukhala 20 kuchotsa 29, yomwe ndi −9. Tiyese: 32 kuchotsa 36 kuchotsa 5 ndi −9. Wina akanalemba −5x m'malo mwa −9x, monga zimachitikira amene waphatikiza −2x ndi −7x mosasamala, akanapeza 7, ndipo akanadziwa kuti china chake chavuta.

Pofakitoraiza timafuna nambala ziwiri zimene zikachulukitsana zipereke −10, ndiye kuti 2 kuchulukitsa ndi −5, ndipo zikaphatikizana zipereke −9. Nambalazo ndi −10 ndi 1.

(7) (2x + 1)(x − 5) = 0

Ndi 4, bulaketi yoyamba ndi 9, yachiwiri ndi −1, ndipo zikachulukitsana ndi −9. Amene wasinthanitsa zizindikiro n'kulemba (2x − 1)(x + 5) apeza 7 kuchulukitsa ndi 9, yomwe ndi 63, kutali kwambiri ndi −9.

Zinthu ziwiri zikachulukitsana n'kupereka ziro, ndiye kuti chimodzi mwa izo ndi ziro. Choncho x ndi 5, kapena x ndi −1/2. Tikayang'ana zimene tinalemba pambali poyamba paja, palibe mwa mayankhowa amene ali 2 kapena −1.

Kwatsala kuyesa komaliza, ndipo malo oyesera ndi amodzi okha: mzere woyamba, funso lenilenilo. Tikaika 5, fulakishoni yoyamba ndi 8/3, yachiwiri ndi 4/6 yomwe ndi 2/3, ndipo tikachotsera tipeza 6/3, yomwe ndi 2. Tikaika −1/2, yoyamba ndi 2.5 kugawa ndi −2.5, yomwe ndi −1. Yachiwiri ndi −1.5 kugawa ndi 0.5, yomwe ndi −3. Kuchotsa −3 n'chimodzimodzi kuphatikiza 3, ndiye −1 kuphatikiza 3 ndi 2. Onse awiri akhoza.

Ndatsindika za mzere woyamba chifukwa ophunzira ambiri amayesera yankho pa mzere wachisanu ndi chimodzi, poti ndi wosavuta, ulibe mafulakishoni. Kumeneko n'kudzinamiza. Mnzathu uja akaika 3 wake mu 2x² − 3x − 9 apeza 18 kuchotsa 9 kuchotsa 9, yomwe ndi ziro, ndipo asangalala. Chimene watsimikiza n'chakuti anafakitoraiza bwino mzere wolakwika. Akanaika 3 mu funso lenileni akanapeza 6 kuchotsa 0.5, yomwe ndi 5.5, osati 2.

Nanga zikatero, munthu atani? Ambiri amakhwatcha tsamba lonse n'kuyambiranso, ndipo kawirikawiri amakapunthwa pa mwala womwewo. Pali njira yabwino koposa, yogwiritsa ntchito yankho lolakwikalo ngati chofufuzira. Ganizani motere. Nambala 3 ikukwanira pa mizere ya m'munsi, chifukwa inachokera kumeneko. Sikukwanira pa mzere woyamba. Ndiye kuti pali malo amodzi pamene mzere wapamwamba ukuikana koma wapansi pake ukuilola, ndipo cholakwa chili pamenepo. Pa mzere wachiwiri, 3 akupereka 24 kuchotsa 2, yomwe ndi 22 kumanzere, ndi 8 kumanja. Sizikufanana, monganso pa funso. Pa mzere wolakwika uja, kumanzere ndi 9 kuphatikiza 12 kuphatikiza 3, kuchotsa 9, kuchotsa 9, kuphatikiza 2, zomwe ndi 8, ndipo kumanja ndi 8. Zafanana mwadzidzidzi. Kumanja sikunasinthe, koma kumanzere kwatsika kuchoka pa 22 kufika pa 8, ndiye maso onse apite kumanzere kwa mzere umenewo. Ngati mizere ndi yambiri, musayese umodziumodzi. Yambani ndi wapakati. Ukakana yankholo, cholakwa chili m'munsi mwake, ukalilola chili pamwamba, ndipo mwadula ntchito pakati.

Kasankhidwe ka nambala yoyesera kali ndi nzeru zake. Ziro ndi wosavuta kuwerengera, koma amameza chilichonse chokhala ndi x. Wina akalemba −3x pamene pamafunika +3x, ziro sangaone, chifukwa zonsezo kwa iye ndi ziro. Nambala 1 nayo ndi yakhungu mbali ina: x ndi x² zimafanana, ndiye amene wataya ka 2 kapamwamba kaja sagwidwa. Nambala 2 imafananitsa x² ndi 2x, ndipo pa samu yathuyi ndi yoletsedwa kale. Nambala monga 3, 4 kapena 7 zimagwira bwino ntchitoyi, bola zisasandutse m'munsi mwa fulakishoni kapena bulaketi ina iliyonse kukhala ziro. Ena amakonda 10 chifukwa kuchulukitsa kwake n'kosavuta, ndipo palibe vuto.

Tisabise malire a njirayi. Nambala imodzi ikagwirizana, si umboni wotheratu. Zinthu ziwiri zosiyana zikhoza kukumana mwangozi pa nambala ina. Mwachitsanzo, 7x + 1 wolondola uja ndi x + 5 wolakwika uja amafanana pamene x ali 2/3. Kugwera pa nambala yotere sikuchitika kawirikawiri, koma ngati mzere ukukukayikitsani, uyeseninso ndi nambala yachiwiri, makamaka ya mayinasi. Komanso nambala zikasiyana, musathamangire kukhwatcha. Nthawi zina cholakwa chimakhala m'kampata momwemo, makamaka pa kakyuleta. Mukalemba −3² makakyuleta ambiri asayansi amapereka −9, chifukwa amayamba ndi sikweya kenako mayinasi. Ngati mukufuna sikweya ya −3, lembani (−3)², mupeza 9.

Pali masitepe awiri amene amasintha mayankho a samu ngakhale kuwerengera konse kuli kolondola, ndipo kampata sikangakuchenjezeni. Oyamba n'kuchulukitsa ndi chinthu chokhala ndi x, monga tinachitira pa mzere wachiwiri. Taonani kasamu aka:

x/(x − 2) = 2/(x − 2) + 3

Tikachulukitsa ndi x − 2 tipeza x = 2 + 3x − 6, ndipo pomaliza x ndi 2. Palibe mzere wolakwika, koma 2 sangalowe mu funso, chifukwa m'munsi mukhala ziro. Samuyi ilibe yankho, ndipo 2 uja wabwera ndi kuchulukitsa kwathu. N'chifukwa chake tinalemba nambala zoletsedwa tisanayambe. Sitepe ina n'kugawa ndi x. Mukakhala ndi x² = 5x n'kugawa mbali zonse ndi x, mutsala ndi 5 yekha, koma ziro nayenso ndi yankho, ndipo mwamutaya. Kuika 5 mu funso sikungakuuzeni kuti mnzake wasowa. Chofunika n'kusonkhanitsa zonse mbali imodzi n'kufakitoraiza, kukhala x(x − 5) = 0.

Kalembedwe nako kamathandiza kapena kusokoneza. Chizindikiro cha = chinayamba kuoneka m'buku la Robert Recorde wa ku Wales m'chaka cha 1557, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kunena kuti cha kumanzere ndi cha kumanja n'zofanana. Koma m'makope ambiri mumachipeza kumayambiriro kwa mzere uliwonse ngati chikutanthauza "kenako", mpaka munthu kulemba kuti 7x + 1 = 2x² − 9x − 5 = 5. Ntchito yotere siyesedwa, chifukwa sudziwa kuti mbali ziwirizo ndi ziti. Pothetsa samu ngati yathuyi, mzere uliwonse ukhale ndi = mmodzi, ndipo ngati n'kotheka akhale pansi pa mnzake wapamwamba. Mzere uliwonse usinthe chinthu chimodzi. Mukalakwitsa, dulani kamzere kamodzi pa cholakwacho n'kulemba mzere watsopano. Kusandutsa mayinasi kukhala pulasi pomudutsitsa kamzere kumasiya chizindikiro chimene inu nomwe simudzachiwerenga pakapita mphindi zisanu.

Wina anena kuti pa mayeso a MSCE nthawi ndi yochepa, ndani angayese mizere yonseyi? Funsoli n'lomveka, ndipo ine sindinganene kuti muziyesa yonse. Kuyesa mzere uliwonse ndi ntchito ya kunyumba ndi nthawi ya sitade, ndipo phindu lake lalikulu n'lakuti mumadziwa pamene inuyo mumakonda kupunthwa. Wina ndi mayinasi wa pa bulaketi, wina ndi kuoloka, wina ndi kukopera. M'chipinda cha mayeso yesani malo atatu okha: pamene mwachotsa mafulakishoni, pamene mwatsegula bulaketi yokhala ndi mayinasi kutsogolo, ndi yankho lomaliza mu funso lenileni. Kumbukiraninso kuti pa mafunso ataliatali ochonga amayang'ana njira, osati yankho lokha. Amene walemba mizere yake yonse amatolako malikisi ngakhale waphonya pamapeto, pamene wolumpha mizere sasiya poti wochonga agwire.

Makolo amene aljebura munaisiya kalekale, kapena simunaiphunzire n'komwe, ntchito ya m'kampata ija mukhoza kuigwira, chifukwa ndi kuphatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa basi. Mwana akakuonetsani yankho lake, muuzeni kuti, "Taika nambala yakoyo mu funso loyamba lija, tione ngati mbali ziwirizi zifanane." Zikakana kufanana, musamulole kung'amba tsambalo. Mupatseni pensulo, ayambe kuyesa pa mzere wapakati.